Malume wowerenga khadi la sikelo

Ndine amene ndinauza mlongo wanga kuti mzere wogona pa khadi la sikelo ukutanthauza kuti mwana ndi wofatsa. Kwathu ku Mulanje kuno malume ndiye mwinimbumba, ndipo malume amene anafika Fomu 4 sanena kuti "sindikudziwa".

Mwanayo ndi woyamba, wamkazi, anabadwa kumayambiriro a Meyi akulemera makilogalamu 3.1. Chemwali atachoka kusikelo mu Ogasiti anandipeza pakhonde, n'kunditambasulira kabuku kakuchipatala patsamba lamizere yokhotakhota ija.

"Achimwene, inu ophunzira, timadontho timeneti tikuti chiyani? Mwanayu adzakhala wamtima wotani?"

Ndinavala magalasi. Pa milungu 6 anali 4.3, pa milungu 10 anali 5.0, pa milungu 14 analinso 5.0. Ndinati mzere ukagona chonchi, mtima nawonso wagona: mwana wosapupuluma, wodzasunga banja.

"Nanga akulira usiku wonse bwanji, ngati ndi wofatsa?"

Apa mpamene ndinatulutsa foni. Muli tsamba lina la zanyenyezi limene ndimawerenga ndikasowa chochita. Linati obadwa pakati pa 20 Epulo ndi 20 Meyi ndi a Taurus, ng'ombe yamphongo, anthu amakani ndi okonda kudya. Zonse zinalumikizana bwinobwino m'mutu mwanga.

"Ndiye akufuna chiyani?"

"Chakudya cholimba. Bere lokha silingakhutitse Taurus. Agogo ake akuchita bwino kumupatsa kaphala, muwonjezere."

Mwamwayi mawu anga anafika kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu phalalo lisanachuluke. Mayiwo anali atauona kale mzerewo tsiku lasikelo ndipo analonjeza kudzafika pakhomo. Anabwera panjinga, nayamba ndi ine.

"Bambo, ndamva kuti mumawerenga makhadi. Tawerenganinso."

Anandigwiritsa chala. Pansi pa tsambalo pali miyezi ya mwana, m'mbali muli makilogalamu. Mzere wapakati, wolembedwa 0, ndi pamene pamafika mwana wapakatikati pa muyezo umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006. Mtsikana wa miyezi itatu amakhala cha pa 5.8, ndipo mzere wa -2 umadutsa cha pa 4.5. Wathuyu pa 5.0 anali asanagwere pansi pa mzere woopsawo, n'chifukwa chake ine ndinaona ngati zonse zili bwino.

"Kadontho kamodzi sikanena zambiri," anatero. "Timayang'ana kumene timadontho tikulowera. Mwana wochepa thupi amene mzere wake ukukwera sitidandaula naye. Koma pa msinkhu uwu mwana amawonjezera magalamu oposa 100 pa mlungu. Uyu mwezi wathunthu sanawonjezere kanthu."

Kenaka anatembenukira kwa chemwali, ndipo mafunso awo sanali ngati anga. Akuyamwa kangati usana ndi usiku? Matewera akunyowa kangati? Wadwalapo, kutsekula m'mimba kapena kutentha thupi? Masana amakhala ndi ndani?

Nkhani inatuluka yokha. Chemwali anali atayambiranso kugulitsa nthochi pa Chitakale, ndipo poopa chisanu cha chiperoni ankamusiya mwana kwa agogo ake. Akalira, agogo ankamupatsa madzi ndi phala lamadzimadzi. Kamimba kamadzaza, mwana n'kumayamwa pang'ono, ndipo bere likamayamwidwa pang'ono limapanganso mkaka wochepa. Phalalo silifika pa mphamvu ya mkaka, ndiye usiku njala. Makani a Taurus aja anali amenewa.

Malangizo awo anali osavuta kumva: bere lokha mpaka miyezi 6, osapatsa ngakhale madzi, kuyamwitsa kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku, kusiya mwana amalize bere limodzi asanamusinthe, chifukwa mkaka wamafuta umabwera kumapeto, kumubereka popita kumsika. Matewera onyowa akhale asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku. Anati amuyezenso pakatha milungu iwiri, koma akakana kuyamwa, akatentha thupi, akamapuma mothamanga kapena liwombo likalowa, asadikire tsiku lasikelo, athamangire kuchipatala.

Chemwali sanaiwale funso lake loyamba. "Nanga za mtima wake, adokotala?"

"Khadili limayeza thupi basi. Mwana wanjala aliyense ndi wamakani. Ayambe wakhuta, khalidwe lake mudzaliona nokha."

Pa sikelo yotsatira anali 5.3. Chemwali anabwera nako kabuku kaja, koma sanandipatse kuti ndiwerenge. Anandipatsa dengu la nthochi ndi ndalama ya kabaza, akuti popeza nyenyezi ndimazidziwa, ndikaone ngati zikulola malonda pa Chitakale. Ndinagulitsa theka, zina zinapsa.