Sikana yatsikira ku Chigwa

Pa nkhokwe ina ya katundu, pakati pa Nchalo ndi Ngabu, adaikapo sisitimu ya ERP, ija yolumikiza ogula katundu, osunga katundu ndi owerengera ndalama. Lamulo lidatsika phiri kuchokera ku Blantyre: thumba lililonse lolowa kapena lotuluka liziwombedwa ndi sikana pa bakhodi, timizere takuda tija. Anyamata a m'nkhokwe sadatsutse. Adangoti, "Pyadidi, bwana," kenaka n'kuyamba zawo.

*

Thiraki ya matani 30 itafika, mapepala ankati mwabwera matumba 600 a makilogalamu 50. Bwana adapeza kalaliki ali pamthunzi, thumba limodzi lili patsogolo pake, chala chikungodina: tii, tii, tii.

"Kodi mukutani, achimwene?"

"Ndikulandira katundu, bwana. Ndili pa 412."

"Thumba limodzi lomweli?"

"Onsewa ndi apachibale, bwana, nkhope ndi imodzi."

Sisitimu idavomera ndithu, poti matumba a mtundu umodzi onse anali ndi bakhodi yofanana. Atawerenga pamanja adapeza 594. Matumba 6, makilogalamu 300 athunthu, anali m'kompyuta mokha. Kalaliki adatonthoza bwana: "Amenewo musadandaule nawo, anankafumbwe sangawapeze."

Mankhwala ake ndi kupatsa paleti iliyonse nambala yakeyake, kuti ukaiwomba kachiwiri sisitimu ikane.

*

Mu Okutobala sikana idangoti zii. Kulikulu adalemba kalata yoti antchito akukana zatsopano. Bwana atapita pakhonde lopakirira adapeza timapepala ta bakhodi tada bii, timizere osaonekanso. Tinali timapepala tosindikiza ndi kutentha, tofanana ndi malisiti a m'sitolo, ndiye dzuwa la ku Chigwa lidangopitiriza pomwe makina adalekezera.

Akapitawo, madala aimvi, adavula chipewa nati, "Bwana, kalata ya chenjezoyo ndabwera nayo, koma wolakwayo ali kumwambaku. Ndimusayinitse bwanji?"

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Kandani kapepalako ndi chikhadabo. Kakatulutsa mzere wakuda, si kakuno ayi. Pafunika timapepala tosindikiza ndi riboni.

*

Lipoti lidaonetsa kuti pali ngwazi imodzi yomwe idagwira ntchito kuyambira m'mamawa mpaka pakati pa usiku, pa zitseko ziwiri nthawi imodzi. Likulu lidaganiza zoipatsa mphoto. Kufunsa, mkuluyo sabata yonseyo anali ku maliro ku Marka.

"Nanga bwanji nonse mukulowa ndi pasiwedi ya munthu mmodzi?"

"Tidagwirizana, bwana. Iwowa akupuma ntchito mu Disembala. Kukasowa katundu, muwachotsa chiyani?"

Mantha enieni ali pamenepa. Sikana imalemba dzina ndi nthawi, ndipo palibe amene afuna kuti matumba amene adasowa kalekale agwere pa dzina lake. Tsono werengani katundu yense limodzi ndi antchitowo, kusiyana kwakale mukutsekere m'mabuku, muwauze poyera kuti mlandu ukuyambira pa chiwerengero chatsopano. Mukatero aliyense alandire pasiwedi yake.

*

Mnyamata wina adapezeka pamwamba pa mulu wa matumba, mkono uli m'mwamba.

"Tsika iwe, ugwa!"

"Dikirani bwana, netiweki ikudutsa pano!"

Oika sisitimu adali atayeza netiweki nkhokwe ili mbee. Matumba atadzaza mpaka kudenga, kuseri konse kudafa. Anyamata adabwerera ku makhadi awo akale olembapo pamanja, n'kumalowetsa zonse m'kompyuta Lachisanu. Chizindikiro chake chimaonekeratu: lipoti limati katundu wa sabata yonse adayenda mu ola limodzi.

*

Bwana adafunsa akapitawo ngati adaphunzitsidwa.

"Kwambiri, bwana. Nkhuku tidadya, alawansi tidasayinira."

"Nanga sikanayo?"

"Tidaiona pa chithunzi. Ndi yokongola."

Maphunziro a sikana ngapakhonde, thiraki ili pomwepo, m'Chimang'anja kapena m'Chisena, ndipo mphunzitsi pa shifiti iliyonse akhale mnzawo wa m'nkhokwe momwemo. Madala aja akangoigwira, anyamata sachedwa.

*

Inu mabwana a nkhokwe, tsatani ndondomeko yake. Yambani mwakonza timapepala, netiweki ndi mabatire. Kenaka werengani katundu, mutseke zakale. Phunzitsani pakhonde, ndipo tsiku lililonse muziwerenga mitundu ingapo ya katundu n'kuyerekeza ndi zomwe sisitimu ikunena. Manambala akayamba kugwirizana, lengezani tsiku lotolera makhadi akale onse, ndi aja obisa pansi pa mphasa ya mlonda omwe. Kalata ya chenjezo ibwere pomaliza. Mukayambira kalata, anyamata adzayankha kuti "pyadidi," ndipo mudzagulitsa matumba 6 omwe kulibe.