Tebulo losamvera la alamu anga

Alamu anga amagulitsa uchi, chiponde ndi tsabola wa kambuzi wam'mabotolo. Palibe anandituma, ndinadzitama ndekha kuti zithunzi zotsatsira malondawo ndiwapangira pa kompyuta. Iwo anangopempha chimodzi: botolo lililonse likhale pa tebulo lomwelo, kumbuyo kwake khoma lomwelo. Ndinati, "Alamu, zimenezo n'zazing'ono. Mawa mudzazipeza."

Ndinatsegula Stable Diffusion pa AUTOMATIC1111 n'kulemba zomwe ndinkafuna:

```
honey jar on a wooden table, cream wall, soft morning light
```

Chithunzi chinatuluka chokongola, mpaka ndinaimirira n'kudziombera m'manja. Nditadinanso Generate, tebulo linabwera lina, khoma lili ndi zenera. Kudinanso, kunamera maluwa. M'bokosi la Seed munali -1, ndipo ine ndinkangoiyang'ana nambalayo ngati chokongoletsera. Chonsecho -1 amauza pulogalamuyo kuti isankhe nambala yatsopano nthawi iliyonse. Chithunzi chilichonse chimayamba ngati timadontho tosokonekera tija ta pa wailesi yakanema ikataya siteshoni, ndipo nambala ya Seed ndi imene imasankha timadonthoto. Nambala ikasintha, poyambira pasintha, tebulo lapita.

Pambali pa bokosilo pali kabatani kobiriwira kobwezera nambala ya chithunzi chomaliza. Ndinakadina, nambala inakhazikika, tebulo lomaliza lija linabwerera. Apa ndinadziona katswiri, n'kutumiza uthenga kwa alamu kuti ntchito yatheka.

Kenako ndinafufuta `honey jar` n'kulemba `chili sauce bottle`, nambala osaikhudza. Tebulo linakhala pamalo pomwe paja, inde, koma matabwa anada, mizere yake inasintha, ndipo khoma linayamba kufiirira. Nambala ija sisunga chithunzi. Imasunga poyambira pokha, ndipo mawu onse amene mwalemba amakoka chithunzi chonse, osati botolo lokha. Mawu a tsabola anapaka kufiira mpaka kukhoma. Chithunzi chimabwerera ndendende pokhapokha zonse zikhale zomwezo: mawu, modelo, Sampling method, Sampling steps, CFG Scale, ngakhale Width ndi Height. Ine botolo la tsabola ndinaliona lalitali n'kukweza Height kuchoka pa 512 kufika pa 768, ndipo chipinda chonse chinasanduka china.

Ndiye panabwera manja. Dzanja la munthu wosadziwika linkatulukira kumbali, litagwira botolo, nthawi zina zala zili zisanu ndi chimodzi. Ndinawonjezera `no hands` pa mawu aja. Manja anachuluka. Pulogalamuyi mawu okana siiwamva bwino. Yaona `hands`, yajambula manja. Chimene simukuchifuna chili ndi bokosi lakelake pansi, la Negative prompt, ndipo mumangochitchula dzina osawonjezera kukana:

```
hands, people, window, flowers, text, watermark
```

Manja anachoka, zenera linachoka. Koma poti zandiyendera, ndinayamba kuthiramo chilichonse chondinyansa. Pa chiponde ndinaona timing'alu pa thabwa n'kuwonjezera `cracks, rough wood`. Tebulo linasalala mpaka kuoneka lapulasitiki, losiyana ndi la uchi lomwe ndinali nditatumiza kale. Bokosi lapansili nalonso limakoka chithunzi chonse. Mndandanda wake umafunika kuumaliza musanayambe, n'kuusiya momwemo pa zithunzi zonse.

Alamu ataona zithunzi zitatuzo anandiimbira foni. "Alamu, kodi ine ndili ndi mashopu atatu? Nanga pa botolopa palembedwa chiyani?" Ndinayang'anitsitsa. Pa pepala la botolo panali zilembo zosawerengeka m'chinenero chilichonse, ndipo botololo silinali lawo n'komwe. Anati tebulo la uchi lija ndi limene analikonda. Fayilo yake ndinali nditaifufuta. PNG yochokera mu pulogalamuyi imasunga nambala ndi mawu onse m'kati mwake, ndipo mukaiponya pa PNG Info zimaoneka. Ndinapempha alamu anditumizirenso chithunzicho, koma chinali chitadutsa pa WhatsApp, amene amachipanikiza n'kutaya zonsezo. PNG Info inangondiyang'ana.

Njira imene inagwira ntchito ndi imene ndikanayambira. Ndinapanga tebulo lopanda kanthu, kamodzi kokha, n'kuika `jar, bottle` mu Negative prompt kuti pasamere botolo lachilendo. Nambala ndi mawu ndinazilemba m'kope. Mabotolo enieni ndinawajambula ndi foni pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera kumanzere monga pa tebulolo, n'kuwadula, n'kuwamata pa chithunzi chimodzi chomwecho. Poyamba ankaoneka ngati akuyandama, choncho pa Inpaint ndinapaka kachigawo kakang'ono m'munsi mwa botolo lililonse kuti pabwere mthunzi, kwina konse osakhudza.

Zithunzizo alamu anazilandira patapita sabata, osati mawa lija. Anandilipira botolo limodzi la tsabola, la pepala lomatidwa chozondoka lomwe linakanika kugulika.