Fupa laolera pa kauntala

Chibale ndi fupa, sichiola. Koma mwezi wathawu fupalo ndinaliona likuola pa kauntala ya banki ina, pomwe ana atatu a bere limodzi anauzidwa kuti sakudziwika ngati ndi ana a bambo amene anali atangowaika m'manda.

Malemuwo tiwatchule kuti a Jemusi, mfunda wawo Mbewe. Mwana wachisamba atapita kukayamba sukulu, aphunzitsi anamufunsa kuti bambo ake ndani. Anati a Jemusi, ndipo Jemusi yemweyo anamutsata mpaka pa satifiketi ya MSCE. Wachiwiri anakamulembetsa ndi amalume, eni mbumba, omwe anangotchula dzina la agogo akuchikazi. Wachitatu mudzi wonse umamuti Nambewe, koma pa chitupa ali ndi dzina la mwamuna wake. Malemuwo, pa kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, anaona kuti chinthu cha boma n'chofunika ulemu, nalembetsa mfunda. Palibe ananama. Aliyense anayankha funso limene anafunsidwa, kungoti fomu ili ndi kabokosi kamodzi kolembedwa Surname, ndipo imayesa kuti dzinalo limatsika lokha kuchoka kwa agogo kufika kwa chidzukulu osasintha.

Tsono mlonda wa pakhomo pa bankipo analinso Mbewe, wa ku Mchinji, woti malemuwo sanawaonepo. Kwa kompyuta, mwana weniweni ndi ameneyo. Akanangofuna, bwenzi atatenga ndalama, njinga, mbuzi, kenaka n'kuitanitsa msonkhano wa banja kuti adzudzule a Jemusi aang'ono chifukwa chobwera pamaliro a eni ake. Ndipo akanapezeka wa Phiri, mzere wa olowa chuma ukanafika ku Chipata.

Ku Chitipa ndiye ziliko. Mwana wamwamuna ndi Simwaka, mlongo wake ndi Namwaka, ndipo kalaliki wa kunja amaona ngati wina analakwitsa potaipa. Ngakhale Bingu wa Mutharika anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom, Ryson Thom n'kukhala bambo ake. Iye anali ndi mphamvu zodzikonzera dzina. Mayi wa kumudzi amafunika kalata ya amfumu, kalata yolumbira kwa majisitireti, ndi ya minibasi maulendo angapo, mwina kuposa ndalama imene akuilondolayo.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti fomu ikupambana. Makolo a lero, poopa mavutowa, akupatsa ana dzina lililonse limene lili pa chitupa chawo, ndipo likukhazikika. Dzina limene munthu analitola pa ubatizo kapena kwa kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo likusanduka mtundu. Komatu mfunda uli ndi ntchito yake: ndi umene timathokozera tikadya nsima, ndi umene timafunsa mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta. Zidzukulu za wachisamba uja zikadzatiphikira, sindikudziwa ngati pakamwa padzalola kunena kuti zikomo Najemusi.