Njira Yosokonezera Ubale wa Mafumu a Banja la Tudor

Mukafuna kusokoneza ubale wa mafumu a banja la Tudor ku Mangalande, yambani ndi kuiwala amayi. Lembani dzina la Henry VIII pamwamba pa pepala, pansi pake mundandalike Mary, Elizabeth ndi Edward, muwatche ana a bere limodzi. Bambo wawo ndi mmodzi ndithu, koma Mary anabadwa mu 1516 kwa Catherine wa ku Aragon, Elizabeth mu 1533 kwa Anne Boleyn, Edward mu 1537 kwa Jane Seymour. Amayi atatuwa mukawafufuta, simudzamvetsa mkwiyo wa Mary. Ukwati wa amayi ake unathetsedwa kuti amayi a Elizabeth alowe m'nyumba, ndipo Mary atakhala pampando anatsekera mng'ono wakeyo m'ndende mu 1554.

Kenaka dalirani dzina lokha. M'banjali muli anthu atatu otchedwa Mary: mlongo wa Henry, mwana wa Henry, ndi mfumukazi ya ku Sikotilandi. Aphatikizeni akhale munthu mmodzi, mudzapezeka mwalemba kuti Elizabeth anaphetsa mkulu wake mu 1587. Chonsecho mkulu wakeyo anamwalira ndi matenda mu 1558. Amene anadulidwa mutu ndi Mary wa ku Sikotilandi.

Mary ameneyu mumutche msuweni wa Elizabeth basi, muwaike pa mzere umodzi poti anakhala ndi moyo nthawi imodzi. Mibadwo musawerenge. Mukanawerenga mukanaona kuti Henry anali ndi mlongo wina, Margaret, amene Elizabeth akanawatcha azakhali. Msuweni wake weniweni ndi mwana wa azakhaliwo, James V. Mary ndi mwana wa James, ndiye malo ake ali mzere umodzi pansi pa Elizabeth.

Pomaliza, ndipo ine apa mpamene pamandiwawa, Margaret mumupatse mwamuna mmodzi. Iye anakwatiwa ndi James IV nkubereka James V. Mwamunayo atafera kunkhondo mu 1513, anakwatiwa ndi Archibald Douglas nkubereka mwana wamkazi, dzina lake Margaret Douglas. James V ndi Margaret Douglas ndi a bere limodzi, abambo osiyana. Akuchikazi ngati Achewa sitingavutike kuwaona kuti ndi munthu ndi mlongo wake, koma papepala mayina a abambo amawabisa: wina ndi Stewart, wina ndi Douglas.

Ukwati wachiwiriwu mukausiya, Darnley, amene anakwatira Mary wa ku Sikotilandi mu 1565, adzaoneka ngati mlendo. Komatu iye ndi mwana wa Margaret Douglas, ndipo James V ndi malume ake. Anakwatira mwana wa malume, msuweni wake. Mwana wawo, James VI, analowa ufumu wa Mangalande mu 1603 ali ndi magazi a Margaret kuchimuna ndi kuchikazi komwe, koma pepala lanu lidzangoonetsa mzere umodzi.