Mpanda wopanda simenti wautsa mtsutso pamsika

Sabata ino nkhani pamsika pathu si mtengo wa feteleza ayi. Dalaivala wina wa thiraki, pochokera ku Joni, anapatuka pa Masvingo kukaona mabwinja a Great Zimbabwe, ndipo zithunzi za m'foni mwake zazungulira kuyambira pa chigayo mpaka pa bawo.

Woyamba kukana anali mmisiri womanga nyumba. Akuti khoma lotalika mamita 11, lozungulira mamita pafupifupi 250, silingaime popanda simenti kapena dothi. "Achimwene, inu munaona bwino?" Atakulitsa chithunzicho ndi zala anakhala chete, kenako n'kuyamba kutiphunzitsa yekha. Khomalo pansi n'lonenepa, mamita asanu m'malo ena, ndipo limapita liwonda kumwamba, choncho kulemera kwake komwe ndiko kumaligwira. Miyala yosemedwa bwino ili kunja mbali zonse ziwiri, yosalongosoka anaithira pakati. M'munsi anasiya timabowo totulutsa madzi a mvula. Pamene za m'kati zasuntha, khoma limatupa mimba lisanagwe, ndipo mmisiriyo akuti amaziona pa mipanda ya makasitomala ake ouma manja.

Nanga miyala pafupifupi miliyoni anaiswa bwanji? Apa anayankha ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, amene kwawo n'kumapiri. Mwala wa kumeneko umasendeka wokha m'magawo ngati anyezi. Ukasonkha moto pathanthwe n'kuthirapo madzi, umang'aluka, ndipo chotsala n'kuudula m'zidutswa zonga njerwa zoti munthu anyamule.

Pa bawo mkangano unali wa onyamulawo. Ena akuti anali akapolo basi. Agogo ena, amene anakhalitsa ku Halale, akuti mfumu ya ng'ombe zambirimbiri, yogulitsa golide ku Sofala ndi ku Kilwa, sisowa anthu m'chilimwe ntchito ya kumunda ikatha: imapha ng'ombe, anthu n'kubwera. Ine ndatsamira kwa agogowo, chifukwa ntchitoyi sinali ya chaka chimodzi. Ashona anamanga pang'onopang'ono kwa zaka mazana angapo, mpaka m'ma 1400.

Chandikondweretsa kwambiri ndi nsanja ya pa zithunzizo, yotalika mamita ngati 10. Mnyamata wa kabaza analumbira kuti m'kati muli golide. Aphunzitsi anamuuza kuti ilibe khomo kapena chipinda, ndi miyala yokhayokha, ndipo Gertrude Caton-Thompson anakumba pansi pake mu 1929 osapeza chuma. Mayiyo anatsimikizanso kuti omanga anali Aafirika, osati anthu a mfumukazi ya ku Sheba monga ankaganizira Karl Mauch mu 1871. Amayi a zitumbuwa atayang'anitsitsa anati, "Koma iyi ndi nkhokwe!" Akatswiri ambiri amaganiza chomwecho: nkhokwe ya mwala yoonetsa kuti mfumu ndiyo imadyetsa anthu.

Wa kabaza sanagonje. Akuti akasonkha ya basi akaone yekha, ndipo mmisiri uja wamupempha kuti akamuyezere timabowo ta madzi tija.