Khutu la ku Nkando ndi Zipangizo Zake

Sabata yatha bambo wina anandibwereka cholembera pa ejenti wa ndalama za pafoni pa Nkando. Sanalembe kanthu. Anachilowetsa m'khutu, kuchipukusa maso atatsinzina ngati akumva nyimbo yakale, kenako kuchipukutira pa buluku. "Zikomo achimwene, chanuchi n'chosongoka bwino."

Pano khutu likayabwa sasowa chida. Wakabaza amazula kiyi wa njinga yamoto pamsewu wa Midima, pasinjala adikire. Mayi wa tomato ali ndi nthenga ya nkhuku yomwe amaisunga mosamala kuposa chenje. Machesi amathera m'makutu, mbaula ili chizimire. Pofika madzulo phula lonse lomwe limateteza khungu la m'khutu lakokolotedwa, khungu lakalika, kuyabwa kwawirikiza.

Chonsecho kuyabwaku n'kwamitundu. Kukakhala kuseri kwa khutu ndi pakhomo pake, khungu likufunduka, m'mutu mulinso mfundu, kawirikawiri ndi ekizema. Achipatala amapereka mafuta a haidirokotizoni wa 1 peresenti, kupaka pang'ono kunja kokha, kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi. Kukakhala pomwe padutsa ndolo zotchipa, kapena kwayamba mutadetsa imvi ndi dayi, ndi ziwengo. Vulani ndolozo, ndipo imvizo zivomerezeni, akulu, tonse tikudziwa kuti nthawi ya Kamuzu munaiona.

Bambo wa cholembera uja vuto lake linali lachitatu, ndipo analifotokozera mzere wonse mosafunsidwa. Khutu latsekeka, likuyabwa mkatikati, likutulutsa zonyowa zotuwa za timadontho takuda. Chimenecho ndi chuku, chomwe chimakonda kutentha ndi chinyontho cha dzinja la ku Mulanje kuno. Anali atatha mabotolo a mankhwala odonthezera ogula kwa "adokotala" a pamsika, aja oyala makapisozi padzuwa pambali pa mankhwala a makoswe. Iwo sayang'ana m'khutu. Amayang'ana m'thumba. Mankhwala awo opha mabakiteriya amangosesa tizilombo topikisana ndi chukucho, icho n'kumamera mwaufulu. Likakana khutu amati mwalodzedwa, ndipo wa zitsamba ndi mlamu wawo.

Njira yake ndi yosakoma kuikamba pa bawo. Wachipatala amaunika m'khutu ndi katochi, kuona ngati nembanemba ya mkati sinabooke, chifukwa yobooka silola mankhwala aliwonse. Akatero amachotsa chukucho n'kupereka madontho a kulotirimazo, omwe amapitirizidwa masabata awiri ngakhale kuyabwa kutaleka. Posamba mumatseka khutu ndi thonje lopaka vaselini. Zikakanika amakutumizani kwa akatswiri a makutu ku Gulupu ku Blantyre, ndipo wodwala shuga khutu likayamba kupweteka asadikire tsiku la msika.

Koma uzani munthu wa pa Nkando kuti asalowetse kanthu m'khutu. Akumvetserani mwaulemu, akugwedeza mutu, khutu lina ali nalo pa ntchito ndi kiyi wa nyumba ya lendi.