Luso loiwala mankhwala a agogo ku Kuku

Kale munthu ankaiwala ndi mutu wake basi, popanda kuwononga ngakhale ngwee imodzi. Masiku ano kuiwala kumafuna foni yodula, bando ya intaneti ndi magetsi. Banja lililonse la ku Kuku, komboni yoyandikana ndi Chawama ndi Misisi mu Lusaka, likhoza kufika pa luso limeneli. Lingoyenera kukhala ndi agogo amene amamwa piritsi limodzi la kuthamanga kwa magazi mmawa uliwonse, kenako litsate malangizo otsatirawa mosaphonya.

Chaka chabwino chophunzirira chinali 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi adatsika ku Kariba, pamene magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse a dziko la Zambia amachokera ku madzi. Mu Malichi kampani ya ZESCO idayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, mu Meyi adakhala 12, ndipo pofika Seputembala nyumba zambiri zinkawaona maola atatu okha. Ana akakuwa kuti "malaiti abwera!", nthawi zina kunali pakati pa usiku.

Langizo loyamba ndi lakuti udindo wokumbutsa upatsidwe kwa munthu amene ali kutali kwambiri. Mwana wa agogo wogwira ntchito ku Johannesburg ndiye woyenera. Iye azilemba pa WhatsApp 7 koloko mmawa kuti, "Amayi, mwamwa mankhwala?" Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti uthengawo umadalira zinthu zitatu nthawi imodzi: foni ya ku Kuku ikhale ndi moto, ikhale ndi bando, ndiponso nsanja ya netiweki ikhale ikugwira ntchito. Nsanjayo nayo imadya magetsi. Akazima kwa nthawi yaitali imatsamira pa mabatire ndi jenereta ya dizilo, ndipo zimenezi zikatopa netiweki imayamba kubwera ndi kupita. Uthenga wa mmawa umangokhala ndi kachongi kamodzi tsiku lonse, n'kufika madzulo pamodzi ndi mavidiyo a ukwati wa msuweni. Mwana uja ku Joni amagona mtima uli m'malo, poti iye adakumbutsa.

Banja lisalole aliyense kuulula kuti alamu ya mu wotchi ya foni sifuna intaneti kapena netiweki. Imalira ngakhale bando idatha sabata yatha. Chinsinsi chimenechi chikadziwika, njira yotsala ndi kupha batire.

Apa foni imathandiza yokha. Netiweki ikafooka, foni imawonjezera mphamvu poisakasaka, motero imadya moto wambiri ili chikhalire patebulo. Munthu wosafuna kuiwala akanayatsa Airplane mode pogona, foni n'kuleka kusaka, alamu n'kulira mmawa bwinobwino. Katswiri wa kuiwala asakhudze batani limenelo. M'malo mwake abwereke foniyo kwa adzukulu kuti aunikire pophika ndi poonera mafilimu. Mafoni ambiri amakono akazima salizanso alamu, choncho 7 koloko imadutsa mwakachetechete.

Ena amanena kuti pawabanki idathetsa zonsezi, ndipo ndi bwino kuwalimbikitsa asawerengere. Pa pawabanki palembedwa 10,000 mAh, foni ndi ya 5,000 mAh, ndiye mwini wake amakhulupirira kuti adzadzaza foni kawiri. Komatu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu silifika mu foni, limathera pa kusintha mphamvu ndi kutentha, kotero zotsala zimakhala cha m'ma 6,500. Ndiko kudzaza kamodzi ndi kakwota. Kuonjezera apo, pawabanki yotero imafuna maola anayi kapena asanu pa tchaja wamba kuti idzaze, pamene mu 2024 magetsi ankabwera maola atatu. Ikatuluka pasoketi ili ndi moto wosakwana foni imodzi, ndipo m'nyumbamo muli mafoni anayi, iliyonse ndi mwini wake wokhala ndi chifukwa chomveka.

Mdani wamkulu wa dongosolo lonseli ndi kafoni ka mabatani kamene kali m'kabati. Batire lake limakhala masiku angapo, alamu yake imasokosa mpaka kwa aneba, ndipo tambiri mwa timafoni timeneti timadzidzutsa tokha n'kulira ngakhale tili tozimitsa, bola batire lisaume. Kasiyidwe komweko, pakuti n'kochititsa manyazi pamaso pa alendo. Ngati wina waumirira kukagwiritsa ntchito, chiyembekezo chilipobe. Batire likachotsedwa, timafoni tina timaiwala tsiku ndi nthawi, ndipo pakapanda woikonza alamu idzalira mokhulupirika pa ola lolakwika.

Wotchi ya pakhoma nayo ndi yoopsa. Batire limodzi la AA limaiyendetsa pafupifupi chaka, osafunsa za Kariba. Banja lanzeru ligule wotchi yolowetsa pasoketi, ija imabwerera pa 12:00 n'kumaphethira magetsi akangozima ndi kuyakanso.

Choipitsitsa ndi pepala, chifukwa limachita zimene alamu singathe. Alamu imanena kuti nthawi yakwana, koma sidziwa ngati piritsi lamezedwa. Mdzukulu akhoza kuizimitsa n'kutembenuka kugona. Pa kalendala yokhomedwa pafupi ndi botolo la mankhwala, yokhala ndi pensulo yomangidwa pa chingwe, amachonga agogo akameza kale, ndipo aliyense wolowa m'nyumba amaona ngati lero pachongedwa. Mabanja ena amafika pomanga piritsi ku chinthu chosadumphika, monga phala la mmawa: mbaula ikayaka ndipo phala lapakulidwa, botolo limabwera pamodzi ndi supuni. Mbaula siyendera ndandanda ya ZESCO, ndiye dongosolo lotere ndi lovuta kuligwetsa. Mwamwayi Kuku ndi malo odziwika ndi madzi osefukira m'dzinja. Kalendala ikhomedwe mmunsi, botolo liikidwe pansi pa bedi, mvula ya Janyuwale idzamaliza ntchito.

Pomaliza, pasapezeke wowerenga mapiritsi, pakuti botolo silinama. Tinene kuti agogo adalandira mapiritsi 30 n'kuyamba kumwa pa 1. Madzulo a pa 12 m'botolo muyenera kutsala 18. Mukapezeka 21, masiku atatu adadumphidwa. Mukapezeka 16, ndiye kuti pa masiku awiri okumbutsa adachuluka: mdzukulu adapereka mmawa, mpongozi n'kuperekanso uthenga wa ku Joni utafika madzulo. Piritsi la kuthamanga kwa magazi likamwedwa kawiri likhoza kutsitsa magazi mpaka agogo kumva chizungulire poimirira, n'chifukwa chake azaumoyo amaletsa kubweza tsiku lodumphidwa pomwa awiri. Wofuna kudziwa chochita akadumphitsa amatenga botolo ndi khadi la kuchipatala n'kukafunsa kumeneko.

Khadi limenelo lili ndi tsiku lobwerera kukatenga mankhwala ena. Banja losamala limalizunguliza pa kalendala, n'kuikanso chizindikiro masiku asanu lisanafike kuti ndalama ya basi ipezeke. Banja laluso lingolijambula ndi foni, chithunzi chikasochere pakati pa zithunzi zikwi ziwiri, ndipo khadi lenilenilo lisungidwe bwino kwambiri pamalo amene wosungayo yekha amawadziwa, makamaka ngati iyeyo akukonzekera ulendo wa kumudzi ku Petauke.